Mafuta ayenda bwanji m'magazi?

Mafuta sasungunuka m'madzi, komabe thupi limawayendetsa m'magazi. Munthu akadya nyama yonona, matumbo amakulunga mafutawo m'timipira totchedwa makailomaikuloni. Timipirati sitilowa m'magazi pomwepo. Timadzera kaye m'mitsempha ya limfu mpaka kukathira pafupi ndi khosi. N'chifukwa chake magazi otengedwa munthu atangodya amatha kuoneka ngati mkaka akalekanitsidwa.

LDL imanyamula kolesitelo kupita naye m'ziwalo. Ikachuluka imalowerera m'zipupa za mitsempha n'kuyamba kuitseka mwakachetechete, munthu osamva kanthu. HDL imatolera wotsalayo kubwerera naye kuchiwindi.

Amati HDL ndi "yabwino", koma mankhwala ongoikweza sanachepetse matenda a mtima. Otsitsa LDL, monga masitatini, ndiwo anathandiza.