Banja likatha ku Chimbonila, sakhala siwa

Munthu akamwalira m'midzi ya Chimbonila, aliyense amadziwa chochita. Amuna amapita kukakumba manda, amayi amasonkha moto, shehe amatsogolera mapemphero, ndipo pakapita masiku makumi anayi abale amasonkhananso kuchita sadaka. Chisoni chili ndi masiku ake, ndipo chili ndi anthu othandiza kuchisenza. Koma banja likatha, palibe amabwera kudzagona pakhomo. Ankhoswe akamaliza kugamula, aliyense amasasa fumbi n'kubwerera ku ntchito zake. Otsala amangomva mawu amodzimodzi: "Limbani mtima, achimwene, akazi sanathe," kapena "Iwalani, achemwali, mudakali mwana."

Boma la Chimbonila, ku Mozambique, linapatulidwa ku dera la Lichinga mu 2013. Lili pamtunda pozizira, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lichinga kulowera ku Marrupa, ndipo ambiri okhalamo ndi Ayao achisilamu amene amalima chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Mwambo wa ukwati kuno ndi wa chikamwini: mwamuna amakamanga nyumba kwa mkazi, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume awo. Kutha kwa mabanja si nkhani yachilendo. J. Clyde Mitchell, amene anafufuza za midzi ya Ayao kutsidya ku Malawi n'kutulutsa buku lake mu 1956, anaona kale kuti maukwati ankatha kawirikawiri pamene mbumba inkakhalabe yolimba. Kuchuluka kwa osudzulana n'kumene kumapusitsa anthu. Amayesa kuti chinthu chikamachitika pakhomo lililonse ndiye kuti sichipweteka.

Tiyerekeze banja la ana awiri limene latha mu Meyi, chimanga chitangolowa m'nkhokwe. Mwamuna wanyamula bulangete, khasu ndi njinga, wabwerera kwa mayi ake. Masabata oyamba akuoneka wamphamvu mpaka anzake akumuyamikira. Mkwiyo ukumuyendetsa, ndipo mwina wapumuladi, chifukwa mikangano ya usiku uliwonse yatha. Nayenso mkazi ali ndi zomutangwanitsa. Chisilamu chimamupatsa eda, nthawi yodikira ya pafupifupi miyezi itatu asanakwatiwenso, ndipo abale ake ali pomwepo.

Kenako Juni ndi Julaye afika ndi chisanu cha ku Lichinga. Mwamuna uja, munthu wa ndevu zake, akugona m'kanyumba ka mng'ono wake, ndipo tulo tikumuthawa pakati pa usiku. Sanataye mkazi yekha. Wataya nyumba imene anaumba njerwa zake, munda umene anaswa mphanje, ndi phokoso la ana m'mawa. Ogasiti akafika, wagulitsa nyemba, wagula foni, akusekanso pabawo, ndipo aliyense akuti wachira. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, mkazi uja ndiye amagwa. Chaka chatha ankabzala awiri, wina akukumba mapando, wina akuponya mbewu. Lero ali yekha ndi mwana kumbuyo, ndipo akulira munthu amene iye mwini anamuthamangitsa. Achemwali ake akudabwa: si paja munati mwapuma?

Palibe chimene chalakwika mwa awiriwa. Banja silitayika tsiku limodzi. Mbali iliyonse ya moyo umene munali nawo imakudikirani pa nyengo yake, ndipo simungailire musanafikepo. Simungalire kubzala nokha mu Meyi. Simungadziwe kuwawa kwa Idi yoyamba yopanda ana kufikira mutaona ana a eni atavala zatsopano. N'chifukwa chake chaka choyamba chimakhala chokwera ndi chotsika.

Ambiri amene anapita kusukulu anamvapo za masitepe asanu a chisoni: kukana, kukwiya, kunyengerera, kukhumudwa, kenako kuvomereza. Anawalemba Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, koma iye ankanena za odwala amene auzidwa kuti atsala pang'ono kufa, osati osiyidwa ndi okondedwa. Choipa cha masitepewa n'chakuti munthu amene wakwiyanso atavomereza kale amadziona ngati wobwerera m'mbuyo. Zimene analongosola Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku Netherlands mu 1999 n'zimene zimafanana ndi zooneka pamudzi. Iwo ankanena za ofedwa, koma mfundo yawo imakwanira bwino pano. Anati wachisoni amakhala ndi ntchito ziwiri. Ina ndi kuyang'ana chimene wataya: kulira, kukumbuka, kulakalaka. Ina ndi kumanga moyo watsopano: kupeza munda, kuphunzira kugona yekha, kukonza za sukulu ya ana. Mtima sungagwire zonse nthawi imodzi, choncho umapita uku n'kubwera uku, ngati mayi wophika miphika iwiri pamafuwa amodzi. Kusinthasinthako ndiko kuchira kwake.

Pali chinanso chimene chimasiyanitsa kusudzulana ndi maliro: amene mukumulirayo ali moyo. Mumakumana naye kumsika, mumakwera naye chapa imodzi yopita ku Lichinga, mumaona chithunzi chake pa WhatsApp. Mu 2010 Helen Fisher ndi anzake ku America anajambula ubongo wa anthu 15 amene anali atangokanidwa ndi okondedwa awo. Atawaonetsa chithunzi cha munthuyo, mbali za ubongo zokhudza chilakolako champhamvu, zomwezo zimene zimavutitsa munthu wosiya mankhwala osokoneza bongo, zinayamba kugwira ntchito. Anthu 15 ndi ochepa, ndipo sitingamangire nyumba pa kafukufuku mmodzi. Komabe amatithandiza kumvetsa chifukwa chake kabipu kamodzi ka usiku kamatha kugwetsa zimene munthu wamanga mwezi wathunthu. Chiyembekezo chikadzuka, chisoni chimayambanso.

Apa ankhoswe ali ndi ntchito imene nthawi zambiri amaisiya pakati. Kugawa ziwiya ndi matumba a chimanga n'kosavuta. Chofunika kwambiri ndi kugwirizana momveka za ana: bambo aziwaona tsiku liti, kuti, ndipo thandizo lizidzera mwa ndani. Zikasiyidwa m'malere, ulendo uliwonse wokapereka sopo umasanduka mwina mkangano, mwina usiku wogona konko, ndipo onse awiri amadzuka osadziwa ngati banja lathadi.

Nanga tingadziwe bwanji kuti munthu akuchira ngakhale akugwabe? Musawerenge misozi ya tsiku limodzi. Yerekezani mwezi uno ndi miyezi itatu yapitayo. Wochira amagwabe, koma amagwa patalipatali, amadzuka msanga, ndipo amatha kuloza chimene chamugwetsa: nyimbo ya pawailesi, ukwati wa mnzake, mbiri yoti uja wapeza wina. Pakati pa masiku oipawo amadya, amalima, amaseka.

Wofunika kumuopera ndi amene wasiya kusinthasintha. Wina amamira mbali ya kulira: masabata awiri kapena kuposa akudzuka wopanda chimwemwe chilichonse tsiku ndi tsiku, sakudya, munda wamera thengo, akudzitcha wachabechabe. Ameneyo mwina wadwala matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Wina amathawira mbali inayo: wakwatira mwezi womwewo, kapena wayamba kachasu mobisa, ndipo dzina la mkazi wakale safuna n'kulimva komwe. Uyu amayamikiridwa kuti ndi mwamuna weniweni, pamene ndi amene ali pangozi.

Munthu akayamba kunena kuti "bola kungofa," kapena kugawa katundu wake, kapena kuopseza kuti akavulaza mnzake wakale, abale asadikire sadaka kapena bwalo. Asamusiye yekha, achotse m'nyumba mankhwala ophera tizilombo a m'munda ndi a m'nkhokwe, ndipo amufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumupatsa maganizowo. Tsiku lomwelo apite naye kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga kuti akaonane ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo.