Mkaka ukamasanduka chambiko: nkhani ya amino asidi ndi nambala 4.6

Mayi akafunditsa kapu ya mkaka wa ng'ombe n'kufinyiramo ndimu, madontho oyamba saoneka kuti achita kanthu. Mkaka umangokhala chiyerere. Akapitiriza kufinya, mwadzidzidzi timibulu toyera timayamba kuoneka m'mbali mwa kapu, kenako timagwirana n'kutsika pansi, pamwamba n'kutsala madzi achikasu pang'ono. Zomwezi zimachitika m'chambiko, kungoti pang'onopang'ono: mabakiteriya amadya shuga wa mumkaka wotchedwa lakitozi n'kutulutsa lakitiki asidi, ndipo mkaka umanka nuwawasa mpaka kulimba.

Akatswiri amayeza kuwawasa ndi muyezo wotchedwa pH. Madzi enieni ali pa 7, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Mkaka wongokamidwa kumene uli cha pa 6.7. Puloteni wamkulu wa mumkaka, kesini, amene ndi pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a puloteni yense wa mkaka wa ng'ombe, amaundana kwambiri pH ikafika pa 4.6. Chimene chimachititsa nambala imeneyi kukhala yapadera chili m'tinjerwa timene timamanga puloteni, totchedwa ma amino asidi.

Thupi limagwiritsa ntchito mitundu 20 ya ma amino asidi pomanga mapuloteni, ndipo yonse ili ndi msana wofanana. Pakati pali atomu ya kaboni. Mbali imodzi kuli gulu la amino, lolembedwa NH2, limene limakonda kulandira haidirojeni. Mbali ina kuli gulu la kabokisili, lolembedwa COOH, limene ndi asidi ndipo limakonda kutaya haidirojeni wake. Chosiyanitsa amino asidi wina ndi mnzake ndi nthambi ya m'mbali basi. Wamng'ono pa onsewo ndi glaisini, amene nthambi yake ndi atomu imodzi yokha ya haidirojeni.

Mabuku ambiri amajambula glaisini ngati H2N–CH2–COOH, koma chithunzi chimenechi chimasocheretsa, chifukwa m'madzi kapena mu ufa wake wouma glaisini sakhala choncho. Gulu la asidi limataya haidirojeni wake n'kutsala ndi chaji ya negetivi, COO−, pomwe gulu la amino limatenga haidirojeni n'kukhala ndi chaji ya pozitivi, NH3+. Molekyulu imodzi imanyamula machaji onse awiri, wina kumutu wina kumchira, ndipo ukawaphatikiza yankho ndi ziro. Chinthu choterechi amachitcha zwitayoni, dzina lochokera ku mawu a Chijeremani onena za chinthu chokhala ndi zibadwa ziwiri. Katswiri wa ku Denmark, Niels Bjerrum, anaonetsa mu 1923 kuti umu ndi mmene ma amino asidi amakhaliradi m'madzi.

Umboni wake ndi wogwirika ndi manja. Asidi wa muviniga, amene molekyulu yake ndi yoyandikana kukula ndi ya glaisini, amasungunuka pa madigiri 17 okha, n'chifukwa chake timamudziwa ngati madzi. Glaisini ndi ufa woyera wonga mchere, ndipo umapirira kutentha kopitirira madigiri 230 usanayambe kuwonongeka. Mutu wa pozitivi wa molekyulu ina umakoka mchira wa negetivi wa inzake, motero zimamatana zolimba.

Koma zwitayoni sikhala choncho nthawi zonse. Glaisini akaikidwa m'madzi a asidi wambiri, pa pH 1, haidirojeni amakhala ponseponse, moti ngakhale gulu la kabokisili limabwezeredwa wake. Pamenepo molekyulu ili ndi chaji ya +1. Asidi akamachepetsedwa, gulu la kabokisili ndilo limayamba kutaya haidirojeni, ndipo pa pH 2.34 theka la mamolekyulu limakhala litataya. Gulu la amino ndi louma manja: limagwiritsitsa haidirojeni wake mpaka pa pH 9.60, pamene theka la mamolekyulu limamulekerera n'kukhala ndi chaji ya −1. Nambala ziwirizi zimatchedwa pKa. Pakatikati pa ziwirizo pali pH imene machaji a pozitivi ndi a negetivi amalingana ndendende, ndipo kuipeza n'kosavuta: (2.34 + 9.60) ÷ 2 = 5.97. Iyi ndiyo ayisoilekitiriki pointi ya glaisini, imene mwachidule imalembedwa pI. Pa pH imeneyi, ngakhale magetsi atadutsitsidwa m'madzimo, glaisini sapita kuwaya wa pozitivi kapena wa negetivi.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa pa mayeso. Amazolowera kuphatikiza nambala yoyamba ndi yomaliza, n'kuiwala kuti ma amino asidi ena ali ndi nthambi zokhala ndi chaji. Gulutamiki asidi ali ndi gulu lachiwiri la asidi panthambi pake, motero ali ndi ma pKa atatu: 2.19, 4.25 ndi 9.67. Zoyenera kuphatikizidwa ndi ziwiri zokhazo zimene zili mbali ndi mbali ya pamene chaji ili ziro. Kuyambira pa +1, kutaya haidirojeni woyamba pa 2.19 kumafikitsa chaji pa ziro, ndipo kutaya wachiwiri pa 4.25 kumaifikitsa pa −1. Choncho pI ndi (2.19 + 4.25) ÷ 2 = 3.22. Amene wapeza yankho loyandikira 6 pa amino asidi wokhala ndi magulu awiri a asidi adziwe kuti watola nambala zolakwika. Laisini, amene nthambi yake ili ndi gulu lina la amino, ali kutsidya linalo, pa 9.74.

Tsono kesini si amino asidi mmodzi. Ndi mkufu wa ma amino asidi pafupifupi 200, olumikizidwa ndi mfundo yotchedwa peputaidi. Mfundoyi imamangika kaboni wa gulu la kabokisili la amino asidi woyamba akagwirana ndi naitirojeni wa gulu la amino la wachiwiri, molekyulu imodzi ya madzi n'kuchoka. Chotsala pakati ndi –CO–NH–. Masamu ake amaonetsa madziwo poyera. Glaisini amalemera 75 pa muyezo wa mamolekyulu, motero awiri akanalemera 150, koma akalumikizana amalemera 132, chifukwa 18 wa madzi wapita. N'chifukwa chake amino asidi akalowa mumkufu amatchedwa rezidyu, kutanthauza chotsalira. Emil Fischer ndi Ernest Fourneau analumikiza ma glaisini awiri chotere mu 1901, ndipo mu 1902 Fischer ndi Franz Hofmeister, aliyense payekha, anauza msonkhano wa ku Karlsbad kuti mapuloteni amamangidwa ndi mfundo imeneyi.

Wina angaganize kuti kungothira ma amino asidi mumphika wa madzi n'kutakasa, mkufu upangika. Supangika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi zwitayoni yomwe ija. Naitirojeni amene ali mu NH3+ manja ake ndi odzaza kale, alibe chogwirira kaboni wa mnzake, ndipo COO− ndi gulu lokhazikika losafuna kusokonezedwa. Selo limalambalala vutoli polipira mphamvu. Limagwiritsa ntchito molekyulu ya ATP kumangirira amino asidi aliyense pa chonyamulira chotchedwa tRNA, ndipo kumangiriridwako kumachititsa kaboni wa kabokisili kukhala wosavuta kugwidwa. Kenako makina a m'selo otchedwa raibosomu amayandikizitsa zonyamulira ziwiri, gulu la amino la wobwera kumene n'kugwira kaboni wa kumapeto kwa mkufu. Mkufu umakula kulowera mbali imodzi yokha, kuchokera kumutu wa amino kunka kumchira wa kabokisili. Mfundoyo ikamangika imakhala yolimba ndithu: mulabotale, kuti puloteni aphwasulidwe yense, amamuphika mu haidirokiloriki asidi wamphamvu pa madigiri 110 kwa maola 24.

Mfundo iliyonse ya peputaidi imameza gulu limodzi la amino ndi limodzi la kabokisili, ndipo –CO–NH– ilibe chaji yoti iwerengedwe. Choncho mumkufu wa ma rezidyu 200, pamsana pamangotsala pozitivi mmodzi kumutu ndi negetivi mmodzi kumchira. Chaji yonse ya puloteni imachokera ku nthambi. Kesini ali ndi gulutamiki asidi wambiri komanso magulu a fosifeti, motero pa pH 6.7 amakhala wa negetivi. Mumkaka, mamolekyulu ake amasonkhana m'timipira tosaoneka ndi maso, ndipo kunja kwa kampira kalikonse kuli tingati tiubweya ta negetivi. Timipirato tikayandikana timakankhana, n'chifukwa chake mkaka umayenderera. Asidi wa ndimu kapena wa mabakiteriya amabweretsa haidirojeni, amene amakhala pa magulu a COO− limodzi ndi limodzi n'kuzima chaji yake, komanso amasungunula kashiamu fosifeti amene amamanga timipirato mkati. Pofika pa 4.6, yomwe ndi pI ya kesini, chokankhanitsa chatha ndipo timipira timamatana.

Lamuloli lili ndi malire ake. Madzi achikasu otsala pamwamba aja akadali ndi mapuloteni ena amene sagwa pansi pa pH imeneyi pokhapokha mkaka utawiritsidwa kaye, chifukwa kapindidwe ka puloteni nakonso kali ndi mbali yake. N'chifukwa chake kutaya madziwo n'kutaya chakudya.

Nthambi imodzi yokha ikhoza kusuntha pI, ndipo madokotala amadalira zimenezi. Mu 1949, Linus Pauling ndi anzake Harvey Itano, Jonathan Singer ndi Ibert Wells anadutsitsa magetsi mu himogulobini, puloteni wonyamula okosijeni m'magazi. Anapeza kuti wa munthu wodwala sikoselo ali ndi pI yokwererapo ndi pafupifupi 0.2 kuposa wa munthu wosadwala, moti panali pH ina yoyandikira 7 pamene awiriwo ankayenda molowera kosiyana. Vernon Ingram, akugwira ntchito ku Cambridge mu 1956 ndi 1957, anapeza gwero lake. Pa mkufu wa beta, umene uli ndi ma rezidyu 146, pamalo a nambala 6 pamene pamayenera kukhala gulutamiki asidi pali valini, amene nthambi yake ilibe chaji ndipo imadana ndi madzi. Okosijeni akachepa, malo amenewo amamatirira pa himogulobini woyandikana naye, mamolekyulu n'kupanga timitengo timene timapinda selo lofiira kukhala ngati chikwakwa.

Mpaka lero njira zina zoyezera matendawa zimasiyanitsa ma himogulobini potengera chaji ndi pI, ndipo timadontho tochepa ta magazi timakwanira. Sikoselo iliko ku Malawi ndi ku Zambia. Makolo amene mwana wawo amatupa manja ndi mapazi momva ululu, amachepa magazi kawirikawiri kapena maso ake amachita chikasu, apite naye kuchipatala akafunse za kuyezetsa sikoselo.