Dzina lobwera pambuyo pa illa: limathera ndi mawu otani m'Chiarabu?

Aliyense amene anamvapo azana kapena shahada anamvapo mawu akuti illa. Ndi mawu a Chiarabu opatulira, ofanana ndi athu aja akuti "kupatula" kapena "koma". Tanthauzo lake silivuta. Chimene chimazunguza ophunzira kumadirasa ndi mathero a dzina lobwera pambuyo pake: pena amva Zaidan, pena Zaidun, pena Zaidin, chonsecho Zaidi wake ndi mmodzi yemweyo. Ambiri amangoloweza. Komatu nkhaniyi ili ndi dongosolo losavuta, ndipo yankho lonse limapezeka m'mawu amene abwera illa asanafike.

Tiyambe ndi mathero atatuwo. M'Chichewa dzina la Zaidi silisintha, kaya iye ndiye wachita chinthu kaya chamuchitikira. M'Chiarabu limasintha kumapeto. Akakhala wochita, dzina limatenga dama ndipo timamva Zaidun. Akakhala wochitiridwa, limatenga fataha ndipo timamva Zaidan. Likatsatira timawu ngati bi kapena min, limatenga kasira ndipo timamva Zaidin. Funso lathu ndi lakuti, dzina likakhala kuseri kwa illa, litenge ati mwa atatuwa?

Kabuku ka galamala kotchedwa Ajurumiya, kamene analemba Ibn Ajurum wa mumzinda wa Fezi ku Moroko, yemwe anamwalira mu 1323, kamagawa nkhaniyi patatu. Magawo atatuwo amachokera pa mafunso awiri. Loyamba: kodi gulu limene tikuchotsamo munthuyo latchulidwa? Lachiwiri: kodi chiganizocho chikuvomera kapena chikukana?

Gawo loyamba ndi pamene gulu latchulidwa ndipo chiganizo chikuvomera. Taonani ichi: Wasala al-awladu illa Zaidan, kutanthauza kuti anyamata afika kupatula Zaidi. Gulu lilipo, ndi al-awladu, anyamata aja. Palibe mawu okanira. Apa palibe kusankha, dzina limatenga fataha basi. Chifukwa chake nchakuti chiganizo chinali chitakwanira kale illa asanabwere: mneni ali ndi wochita wake, ndipo Zaidi alibenso ntchito ina yoti agwire koma kupatulidwa. Ngakhale gulu litasintha mathero ake, iye sasintha. Marartu bil-awladi illa Zaidan, ndinadutsa pa anyamata kupatula Zaidi: anyamata ali ndi kasira, koma Zaidi akadali ndi fataha.

Gawo lachiwiri ndi pamene gulu latchulidwa koma chiganizo chikukana. Tingowonjezera ma kutsogolo: Ma wasala al-awladu illa Zaidun, anyamata sanafike kupatula Zaidi. Apa pali njira ziwiri, ndipo zonse nzololedwa. Mungapereke fataha monga m'gawo loyamba nkunena kuti Zaidan. Mungathenso kulola dzinalo kutsatira mathero a gulu lake, nkukhala Zaidun chifukwa al-awladu ali ndi dama. Akatswiri a galamala amakonda njira yachiwiriyi, imene amaitcha badali, ndiko kuti mlowam'malo. Maganizo ake ndi awa: pamene anyamata onse akanidwa, amene wafikadi ndi Zaidi, choncho iye akulowa pamalo pa gululo ndipo akutenga mathero ake. Gulu likakhala ndi kasira, nayenso angatenge kasira: Ma marartu bil-awladi illa Zaidin. Dziwani kuti kukana sikuthera pa ma pokha. Kuletsa kumawerengedwanso ngati kukana, chimodzimodzinso funso limene likutanthauza kuti palibe.

Njira ziwirizi zimapezeka ngakhale m'kawerengedwe ka Kurani. Mu Sura ya Nisaa, ndime 66, muli mawu otanthauza "ochepa" amene abwera pambuyo pa illa m'chiganizo chokana. Owerenga ambiri, kuphatikizapo kawerengedwe ka Hafusi kamene kafala kwambiri, amawapatsa dama. Ibn Amir wa ku Damasiko anawawerenga ndi fataha. Onsewo ali m'kati mwa lamulo, ndipo tanthauzo silisintha.

Gawo lachitatu ndi limene limagwetsa ambiri. Chiganizo chikukana, koma gulu silinatchulidwe nkomwe: Ma wasala illa Zaidun, sanafike wina koma Zaidi. Wophunzira amene analoweza kuti illa amabweretsa fataha amathamangira kunena kuti Zaidan, ndipo walakwa. Mneni wasala akufuna wochita, ndipo palibe wina woti akhale wochitayo koma Zaidi. Choncho dzina limatenga dama mokakamiza. Apa illa sakhudza mathero konse. Iye ndi ma akungothandizana kupereka tanthauzo la "yekha".

Pali njira yodziyesera pa gawo limeneli. Fufutani ma ndi illa, muone chimene chatsala. Ma wasala illa Zaidun chimasanduka wasala Zaidun, Zaidi wafika, ndipo dama ali pamalo pake. Ma raaitu illa Zaidan, sindinaone wina koma Zaidi, chimasanduka raaitu Zaidan, ndinaona Zaidi; fataha ameneyu wabwera chifukwa Zaidi ndi woonedwa, osati chifukwa cha illa. Ma marartu illa bi Zaidin chimasanduka marartu bi Zaidin, ndipo kasira wabwera ndi bi. Mukafufuta mawu awiriwo chiganizo nkutsala choima bwino, dziwani kuti muli m'gawo lachitatu.

Chenjerani ndi gulu lobisala. Nthawi zina silibwera ngati dzina looneka bwino koma limakhala m'kati mwa mneni. Mu Ma wasaluu illa Zaidun, kamchira kakuti uu kakutanthauza "iwo", ndipo iwowo ndiwo gulu. Chiganizochi ndi cha gawo lachiwiri, kotero Zaidan ndi wololedwanso. Kusiyana kwa wasala ndi wasaluu ndi kochepa m'khutu, koma kumasintha lamulo. Ndime ya mu Sura ya Nisaa ija ndi ya mtundu womwewu: gulu lake lili m'kati mwa mneni. Chimodzimodzi mawu akuti ahadun, otanthauza "aliyense": akapezeka m'chiganizo chokana, gulu latchulidwa.

Pali malo awiri enanso pamene fataha amapambana ngakhale chiganizo chikukana. Oyamba ndi pamene wopatulidwayo watsogola gulu lake, monga Ma wasala illa Zaidan al-awladu. Mlowam'malo sangabwere mwini malo asanatchulidwe. Achiwiri ndi pamene chopatulidwacho si cha mtundu wa gululo, monga kunena kuti anyamata sanafike kupatula bulu: Ma wasala al-awladu illa himaran. Bulu si mnyamata, choncho anthu a ku Hijazi ankapereka fataha yekha, ngakhale kuti fuko la Tamimu linkalola kutsatira gulu.

Wina angafunse kuti zonsezi zimaonekera pati, popeza nyuzi ndi mabuku ambiri a Chiarabu salemba tizizindikiro ta mathero. Zimaonekera pa kalembedwe. Zaidan amalembedwa ndi alifu kumapeto, pamene Zaidun ndi Zaidin alibe. Amene walakwitsa lamulo amalakwitsanso chilembo, ndipo mphunzitsi amachiona msanga. Zimamvekanso powerenga mokweza, makamaka pamene dzinalo lili pakati pa chiganizo, poti pamapeto wowerenga amatha kuima osatchula mathero.

Choncho mukakumana ndi illa, musafulumire kuyang'ana dzina lotsatira. Bwererani kumayambiriro kwa chiganizo, mufufuze gulu, mufufuzenso mawu okanira. Gulu likakhalapo popanda kukana, perekani fataha. Gulu likakhalapo pamodzi ndi kukana, tsatirani gulu kapena perekani fataha. Gulu likasowa, dzina litenge mathero amene likanatenga illa pakanapanda.