Kadziwitseni mlendo ndi chinthu chimodzi

Tiyerekeze kuti William Kamkwamba akubwera pa wailesi. Ambiri angatumizire muulutsi tsamba lodzaza: sukulu ya ku Dartmouth, buku la 2009, filimu ya 2019. Zonsezo ndi zoona, koma womvera ali pa minibasi sangazisunge.

Lembani chimene khutu lingagwire: "Lero tili ndi bambo amene, ali mnyamata ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga. Takulandirani a Kamkwamba."

Dzina labwera pomaliza dala, kuti muulutsi angopereka moni. Werengani mokweza musanatumize. Mukapumira pakati pa chiganizo, chatalika. Za filimu zidzatuluka zokha pocheza.