Kodi Chithunzi cha Ekisire Chimaonetsa Chiyani pa Mano Athu?

Amayi anzanga, mwa mafunso amene anabwera titamvera sewero la mano, lina linali lakuti: "Dzino likundiwawa ndipo ndikutha kulilozera ndi chala. Nanga adokotala akufuniranji kundijambula m'malo mongolizula?" Yankho lake ndi ili: dzino lili ngati chinangwa. Chimene timaona m'kamwa ndi mutu wake wokha. Mizu ili m'kati mwa fupa la nsagwada, ndipo mavuto ambiri amabisala kumeneko kapena pamene mano awiri agundana.

Chithunzicho amachiwerenga bwanji?

Kuwala kwa ekisire kumadutsa mosavuta pa zinthu zofewa koma kumatsekerezedwa ndi zolimba. Choncho cholimba chimaoneka choyera ndipo chofewa chimaoneka chakuda. Chikutiro cha kunja kwa dzino, chomwe ndi cholimba kuposa china chilichonse m'thupi, chimaoneka choyera kwambiri. Mnofu wolimba wa pansi pake ndiponso fupa zimaoneka zotuwa. Pakati pa dzino pali kanjira kakuda kotsikira ku muzu. Ameneyu si matenda ayi, ndi malo a mtsempha wa dzino. Adokotala amafunafuna mdima umene uli pamalo poyenera kuyera.

Kubowoka kwa dzino

Dzino silibooledwa ndi mbozi. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula dzino pang'onopang'ono. Bowo la pamwamba limaoneka ndi maso, koma la pakati pa mano awiri limabisika. Kuti alione, adokotala amakupatsani kafilimu kuti mukalume, ndipo kamajambula mitu ya mano apamwamba ndi apansi nthawi imodzi.

Pachithunzipo bowo limaoneka ngati kamthunzi kakuda kolowa m'mbali mwa dzino. Chofunika ndi kuzama kwake. Ngati lili pa chikutiro chokha, kutsuka bwino ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi ndiponso kuchepetsa zotsekemera kungathe kuliimitsa. Ngati lalowa m'kati koma silinafike pa mtsempha, dzino limamatidwa n'kupulumuka. Likafika pa mtsempha, kumata kokha sikukwanira.

Dziwaninso kuti bowo longoyamba kumene silioneka pa ekisire, ndipo kawirikawiri bowo lenileni limakhala lalikulu kuposa mmene likuonekera pachithunzi.

Chithupsa cha ku muzu

Tizilombo tikafika pa mtsempha, dzino limawawa mopwita, makamaka usiku. Kenaka mtsempha uja umafa ndipo ululu umatha kuleka. Apa ndi pamene ambiri amanamizika n'kumati dzino lapola. Zoona zake n'zakuti tizilombo tija timatsika ndi kanjira kaja, n'kutulukira kunsonga kwa muzu, kumene timayambitsa mafinya ndi kudya fupa.

Pofuna kuona zimenezi, amajambula dzino lonse mpaka kunsonga kwa muzu. Muzu wabwino umazunguliridwa ndi kamzere koyera kosaduka. Pamuzu wodwala kamzereko kamaduka, ndipo pansonga pamaoneka kachibulu kakuda. Mdimawo si mafinyawo, koma malo amene fupa ladyeka. N'chifukwa chake chithupsa cha masiku ochepa chimatha kukuwawani kwambiri koma osaoneka pachithunzi, popeza fupa limakhala lisanadyeke mokwanira. Adokotala amagogodanso dzinolo ndi kuliyesa ndi chozizira, n'kuphatikiza zonsezo ndi chithunzi.

Panado amangochepetsa ululu, ndipo makapisozi opha tizilombo angaphwetse chotupa kwa kanthawi, koma gwero lake limatsala m'dzinomo. Chithandizo chenicheni ndi kutsuka ndi kutseka njira ya mtsempha kumene ntchitoyi imachitika, kapena kuzula dzinolo.

Dzino lakumapeto lokanirira

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Anayi akumapeto kwenikweni amamera mochedwa, kawirikawiri pakati pa zaka 17 ndi 25. Malo akachepa m'nsagwada, dzinoli limakanirira: limapendekera kwa linzake, limagona chammbali, kapena limangosuzumira pang'ono n'kutsala lophimbidwa ndi nkhama. Pansi pa nkhamayo pamalowa zakudya, ndipo pamatupa n'kumanunkha.

Chithunzi chimaonetsa mmene dzinolo lagonera, kupindika kwa mizu yake, ndiponso ngati mizuyo yayandikira mtsempha waukulu wodutsa m'nsagwada yapansi. Mtsempha umenewu ndi umene umachititsa kuti mlomo wapansi ndi chibwano zizimva kukhudza. Ukavulala pozula, pamagwira dzanzi la milungu kapena miyezi, mwa apo ndi apo losatha. Kuti aone zonsezi amagwiritsa ntchito makina ozungulira mutu, amene amajambula nsagwada zonse pachithunzi chimodzi. Makinawa sapezeka paliponse, choncho musadabwe akakutumizani ku chipatala chachikulu. Dzino lokanirira limene silikuwawa ndiponso silikuwononga linzake si nthawi zonse limazulidwa.

Mayi wa m'sewero uja

Mukukumbukira mayi wa zaka 24 amene ankamva kuwawa kumapeto kwa nsagwada yapansi, mbali ya kumanzere? Iye anaumirira kuti, "Adokotala, ingozulani lakumapetoli, ndi limene likundisowetsa tulo." Poyang'ana m'kamwa, dzino loyandikana nalo linkaoneka labwinobwino.

Chithunzi chinaulula zinthu zitatu. Dzino lakumapeto linali litagona chammbali, mutu wake utatsamira kumbuyo kwa linzakelo. Pamalo otsamiranapo, pomwe mswachi sufika, dzino looneka labwino lija linali ndi bowo lofika pa mtsempha. Kunsonga kwa muzu wake kunali kachibulu kakuda. Ululu uja unkachokera mu dzino lachiwirili. Akanangozula limene mayiyo ankalozera, akanabwerera kunyumba ndi chithupsa chake. Adokotala anamufotokozera kuti lakumapeto liyenera kuchoka, ndipo linzakelo atsuke njira ya mtsempha wake, apo ayi lizulidwenso. Akanajambulidwa bowo lisanazame, likanangomatidwa.

Nanga ndikakhala woyembekezera?

Auzeni adokotala asanakujambuleni. Kuwala kwa ekisire ya mano ndi kochepa kwambiri ndipo kumalunjika pa nsagwada, kutali ndi mimba. Kujambula kukakhala kofunika, kumachitika ngakhale muli ndi pakati. Kusunga mafinya m'kamwa mpaka mutachira n'koopsa kuposa kujambulidwa. Ngati mukuyamwitsa, pitirizani, mkaka suwonongeka. Kujambulako sikupweteka ndipo kumangotenga kanthawi kochepa. Chotsani ndolo, magalasi ndi mano oikirira, ndipo khalani osasuntha kuti chithunzi chisabwerezedwe.

Thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo ngati:

1. Tsaya latupa mpaka kufupi ndi diso kapena pansi pa chibwano.
2. Thupi likutentha pamodzi ndi kutupako.
3. Mukulephera kutsegula pakamwa.
4. Mukuvutika kumeza kapena kupuma.

Zizindikiro zimenezi zikusonyeza kuti mafinya akufalikira, ndipo angatseke njira yopumira. Musathimbe ndi madzi otentha kunja kwa tsaya, ndipo musaike asipirini padzino chifukwa amawotcha nkhama.

Mukajambulidwa, pemphani adokotala akuonetseni chithunzicho. Afunseni kuti, "Kodi bowoli lafika pa mtsempha? Kodi ku muzu kuli mdima? Kodi dzinoli lingapulumuke?" Akakupatsani chithunzicho, chisungeni pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala kuti ulendo wina adzachiyerekeze ndi chatsopano.