M'bale wanu ali kunja: ndi kupukwa chabe kapena matenda ovutika maganizo?

Ngati mwana kapena m'bale wanu ali pa sukulu kapena pa ntchito ku Britain, mwezi wa Disembala mumuyang'anitsitse. Kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo nthawi yawo imatsalira ndi maola 2 poyerekeza ndi ya kuno. Iye akamaweruka, inu mwayamba kuwodzera. Amadya yekha, kwinaku akuona zithunzi za chinkhoswe chimene sanapezekepo.

Kupukwa kumabwera n'kupita. Munthu amasowa kwawo, mwina amalira, koma akamva mawu anu amatsitsimuka, mawa n'kupita ku ntchito. Matenda ovutika maganizo sapereka mpata wotere. Chisoni chimakhalapo pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. Tulo ndi kadyedwe zimasokonekera, zimene ankazikonda sizimukomeranso, ndipo foni yanu amangoyang'ana osayankha.

"Ndili bwino" asakukhutiritseni. Mufunseni kuti wagona maola angati, wadya chiyani, walankhula ndi ndani lero. Nkhani ya ndalama muyambe mwaisiya. Ambiri amathawa foni chifukwa cha iyo.

Zizindikirozi zikapitirira, mulimbikitseni akaonane ndi dokotala. Akatchula zodzipha, musachedwe: aimbe 116 123, nambala yaulere ya Samaritans, usana kapena usiku. Moyo ukakhala pachiopsezo, nambala ndi 999.