Kalata ya namwino wofuna kuphunzira asanasiye wodi

Kuli anamwino ambiri amene maphunziro awo anali osamalira odwala, koma lero tsiku lawo limathera pa zina. Akagwira ntchito zaka khumi kapena kuposerapo amapatsidwa wodi kuti aziyang'anira, ndipo amapezeka akulemba rosita, akuwerengera mankhwala, akukambirana za mafuta a ambulansi ndi kuyankha mafunso pamsonkhano wounika imfa ya mayi woyembekezera. Ena mwa iwo amaganiza zokachita digiri yachiwiri, ija imatchedwa masitazi, pa za kayendetsedwe ka ntchito zaumoyo. Kusiya ntchito sangathe, chifukwa malipirowo ndiwo akudyetsa banja ndi kulipirira ana fizi, choncho amasankha kuphunzira uku akugwira ntchito.

Pamapepala amene amatumiza ku yunivesite, satifiketi ndi zotsatira za mayeso zinalembedwa kale ndipo sizingasinthe. Chimene chili m'manja mwake ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira malowo, yomwe nthawi zambiri imakhala tsamba limodzi kapena awiri. Oiwerenga amafuna mayankho a mafunso awiri. Kodi munthuyu waona vuto lanji limene maphunzirowa angamuthandize kuthetsa? Nanga ali pantchito chonchi, adzamaliza? Kalata imene yayankha mafunso awiriwa ndi umboni yachita ntchito yake, ngakhale Chingerezi chake chisakhale chokometsera.

Tiyeni titsate kalata ya namwino wongoyerekeza. Tinene kuti ndi mayi amene wagwira ntchito zaka 12, ali ndi digiri yoyamba ya unamwino ndi uzamba, ndipo kwa zaka zinayi wakhala akuyang'anira wodi ya amayi oyembekezera pachipatala china cha boma. Kalata yeniyeni adzailemba m'Chingerezi, koma pano tiimva m'chinenero chathu.

Poyamba analemba motere: "Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikukonda kuthandiza odwala, ndipo ndine munthu wolimbikira ntchito." Mawuwa si bodza, koma aliyense wofunsira malo angawalembe, ndipo ndi mawu ofunsira sukulu ya unamwino, imene mayiyu anamaliza kalekale. Atakonza, kalatayo inayamba ndi zimene woiwerenga angathe kutsimikiza: kuti ndi namwino ndi mzamba wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, kuti amayang'anira anamwino 14 pawodi imene amayi pafupifupi 300 amachira pamwezi, ndiponso kuti akufunsira maphunziro akutiakuti m'njira yophunzira ali pantchito. M'ziganizo zitatu zokha, woiwerenga wadziwa kukula kwa udindo wake.

Mtima wa kalatayo ndi nkhani imodzi ya vuto limene anakumana nalo. Ambiri amafuna kutchula mavuto onse a m'zipatala, kuchepa kwa anamwino, kusowa kwa mankhwala, kuthothoka kwa magetsi, koma mndandanda wotere aliyense amaudziwa ndipo suonetsa mmene munthu amaganizira. Namwino wathu anasankha chinthu chimodzi, kutha kwa jakisoni wa okisitosini. Mankhwalawa amabayidwa kwa mayi akangochira pofuna kupewa kutaya magazi ambiri, vuto limene ndi limodzi mwa zifukwa zazikulu za imfa za amayi pobereka. Pawodi yake ankatha kawirikawiri mwezi usanathe, ndipo aliyense ankati vuto lili kumene mankhwala amachokera.

Iye anatenga sitoko khadi ya ku famase n'kuiyika pambali pa kaundula wa amayi ochira. Khadi inkaonetsa kuti mwezi wina anagwiritsa ntchito timabotolo 200, pamene kaundula ankaonetsa amayi 300. Kusiyanaku kunabwera chifukwa mankhwalawo anatha kwa masiku 10 mwa masiku 30 a mweziwo. Timabotolo 200 tija tinali ta masiku 20 okha, kutanthauza 10 patsiku, ndipo mwezi wathunthu unkafuna 300. Koma poitanitsa a mwezi wotsatira, ankangokopera nambala ya pakhadi ija. Kusowa kwa mwezi uno kunkabala kusowa kwa mwezi wamawa. Atakambirana ndi a ku famase, anayamba kulemba masiku amene mankhwala atha ndi kuitanitsa molingana ndi chiwerengero cha amayi ochira, n'kuwonjezerapo ena a amayi amene atuluka magazi ambiri ndiponso osungira padera.

Nkhani ngati iyi imagwira mtima wa osankha chifukwa vutolo silinali la luso la manja. Anamwino ankadziwa kubaya jakisoni. Chimene chinalakwika ndi kawerengedwe ndi kayendedwe ka uthenga pakati pa wodi ndi famase, ndipo izi ndizo maphunziro a kayendetsedwe ka zaumoyo amaphunzitsa. Komabe kalata yabwino siima pa kupambana. Namwinoyo anapitiriza kuti: "Nambala yathu itakhala yolondola, miyezi ina mankhwala ankabwerabe ochepa, ndipo sindinathe kudziwa ngati vuto linali bajeti ya mankhwala ya boma lathu, kaitanitsidwe kapena kaperekedwe. Pamsonkhano ndinalephera kutsutsana ndi manambala amene sindinkawamvetsa." Apa ndiye pali chifukwa chenicheni chofunira sukulu. Munthu amene kalata yake ikusonyeza kuti anathetsa zonse yekha amasiya funso m'mutu mwa oiwerenga: nanga akudzafunanji kuno?

Kuchokera pa kuperewera kumeneku, n'kosavuta kulumikiza kalata ndi maphunziro. Wofunsirayo ayenera kuwerenga mndandanda wa maphunziro a yunivesite imene akufunsirayo n'kutchula awiri kapena atatu okhudza vuto lake, monga kasamalidwe ka ndalama zaumoyo, kagulidwe ndi kagawidwe ka mankhwala, kapena kagwiritsidwe ntchito ka manambala amene zipatala zimatumiza mu DHIS2. Ayeneranso kusamala ndi mayina. Mwachitsanzo, kuyambira mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Kalata yolembera sukulu dzina lakale, kapena yotchula phunziro limene sukuluyo siphunzitsa, imaulula kuti inakopedwa kwa mnzake kapena yatumizidwa kumalo ambiri osasinthidwa.

Funso lachiwiri, la nthawi, ndilo ambiri amalidumpha ndi mawu akuti "ndidzayesetsa kugawa bwino nthawi yanga." Pamenepa pamafunika masamu. M'mayunivesite a ku South Africa ndi ku Britain, kumene anamwino ena amaphunzira kudzera pa intaneti, digiri ya masitazi kawirikawiri imawerengedwa kuti ndi makirediti 180, ndipo kirediti imodzi imaimira maola 10 a kuphunzira. Onse pamodzi ndi maola 1,800. Munthu akafuna kumaliza m'zaka ziwiri, akufunika maola pafupifupi 17 sabata iliyonse popanda kupuma. Akatenga zaka zitatu, ndi maola 11 kapena 12. Kwa namwino amene amagwira naiti, n'kubwerera kunyumba m'mawa kukapeza ana ndi maliro a pamudzi, maola 17 sapezeka mwangozi.

N'chifukwa chake namwino wathu anafotokoza dongosolo lake mwatchutchutchu. Analemba kuti wasankha zaka zitatu. Analemba kuti adzasiya malokamu, ntchito ya maola owonjezera ija imene inkamubweretsera kandalama kapadera, ndipo masiku amenewo adzakhala owerenga. Pa masabata amene ophunzira amaitanidwa kukakhala m'kalasi, wachiwiri wake pawodi, amene wakhala akumuphunzitsa kulemba rosita ndi malipoti a pamwezi, adzagwirizira udindo, ndipo masikuwo adzachotsedwa pa holide yake ya pachaka ngati chilolezo chapadera sichiperekedwa. Anatchulanso kumene fizi ya chaka choyamba idzachokere. Osankha amadziwa kuti wophunzira ali pantchito akasiyira panjira, nthawi zambiri sichikhala chifukwa cha nzeru, koma rosita ndi ndalama.

Dongosolo limeneli limalemera ngati mkulu wa anamwino pachipatalapo walivomereza. Kalata ya olemba ntchito yongonena kuti "ndi wakhalidwe labwino" sithandiza kwenikweni. Yofunika ndi imene ikunena kuti akudziwa masiku a sukulu ndipo adzamumasula. Choncho nkhani ndi abwana iyambe kalata isanalembedwe, osati malo atapezeka kale. Ndi nthawi yomweyonso yofunsa ngati thandizo la fizi kapena la nthawi likubwera ndi mgwirizano woti adzagwirebe ntchito pamalopo kwa zaka zingapo akamaliza, kuti asalonjeze m'kalata zinthu zotsutsana ndi zimene adzasainire.

Pali misampha iwiri imene imagwira anamwino makamaka. Woyamba ndi chinsinsi cha odwala. Pofuna kuti nkhani imveke yamoyo, wina amafotokoza za mayi amene anamwalira, kutchula mudzi wake, mwezi ndi chiwerengero cha ana ake. Ngakhale dzina lisatchulidwe, m'boma laling'ono munthuyo akhoza kudziwika, ndipo oiwerenga, amene ambiri ndi azaumoyo, amaona msanga kuti wolembayo sasunga chinsinsi. Wachiwiri ndi kudandaula. Kalata imene ikuti akuluakulu a chipatala ndi osasamala ndipo iye akufuna digiri kuti adzawaonetse, imasonyeza munthu woloza chala. Namwino wathu sananene kuti wa ku famase analakwa. Ananena kuti fomu inalibe malo olembapo masiku amene mankhwala atha. Woyang'anira wabwino amafunafuna pamene dongosolo latayikira asanafunefune munthu.

Pomaliza kalatayo inanena za mtsogolo mosadzikweza. Sanalembe kuti adzasintha zaumoyo m'dziko lonse. Analemba kuti akufuna kudzakhala mkulu wa anamwino m'boma, mmodzi wa gulu limene limakonza mapulani ndi bajeti ya zaumoyo ya chaka, ndiponso kuti kafukufuku wake akufuna adzakhale pa kutha kwa mankhwala a amayi ochira m'zipatala zing'onozing'ono zimene zimatumiza odwala kwa iye. Mutu wotere ndi wanzeru kwa munthu amene ali pantchito, chifukwa makaundula ali pafupi ndipo sadzafunika ulendo wautali. Anaonjezera kuti akudziwa kuti kukhala wogwira ntchito pamalopo sikumupatsa ufulu wogwiritsa ntchito makaundulawo pa kafukufuku popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi cha akuluakulu a chipatala.

Kalata isanatumizidwe, pali njira yosavuta yoiyesera. Muipereke kwa mnzanu wa pantchito mutaphimba dzina, ndipo mumufunse kuti yalembedwa ndi ndani. Akanena kuti namwino aliyense angailembe, chotsani ziganizo zodzitamandira n'kuikapo zimene munaona, zimene munawerengera ndi zimene munachita. Kenaka muipereke kwa amene amalemba rosita, mumufunse ngati masiku mwalonjezawo angathekedi. Akagwedeza mutu mokayika, konzani dongosololo kaye, chifukwa chiganizo chingakonzedwe madzulo amodzi koma naiti ikagundana ndi mayeso pakati pa chaka, fizi imakhala italipidwa kale.